Chigamulo chochokera kunja: chifukwa chake khoti silibwereza mlandu

Ambiri mwa inu amene mumaoda katundu ku Tchaina, ku Dubai, ku Joni kapena ku Dar es Salaam mumasaina pepala la mgwirizano katundu asananyamuke. Chimodzimodzinso magulu amene amasonkhanitsa nandolo, soya kapena mtedza n'kugulitsa kwa makampani akunja. Maso amathamangira pa mtengo, kuchuluka kwa katundu ndi tsiku lofika. Koma chakumapeto kwa pepalalo, m'timalemba ting'onoting'ono, kawirikawiri pamakhala ndime yonena kuti pakabuka mkangano nkhani sidzapita kukhoti, koma idzaweruzidwa ndi oweruza apadera mumzinda wakutiwakuti. Njira imeneyi imatchedwa abitireshoni.

Oweruza apaderawa si amkhalapakati ongoyanjanitsa anthu. Amasankhidwa motsata zomwe eni mgwirizano anamvana, amamva mbali zonse ziwiri, kenako amalemba chigamulo chomwe chimamanga onse. Tingawafanizire ndi tcheyamani wa msika amene amalonda awiri agwirizana okha kuti awaweruze, kusiyana kwake n'kwakuti chigamulo chawo chili ndi lamulo kumbuyo kwake.

Vuto lake ndi limodzi. Oweruzawa alibe apolisi, alibe asherifu. Wogonja akakana kulipira, wopambana ayenera kutenga chigamulocho n'kupita nacho kukhoti la m'dziko limene kuli chuma cha wogonjayo. Sabata ino tikambirane zimene zimachitika akafika kumeneko, chifukwa tsiku lina mungadzakhale inu wonyamula chigamulo, kapena inu amene mwabweretseredwa chigamulocho pakhomo.

Pangano lomanga mayiko

Pa 10 Juni 1958 mayiko anavomereza pangano mumzinda wa New York pansi pa bungwe la Mgwirizano wa Mayiko Onse. Lero mayiko oposa 170 ali m'panganoli. Dziko la Tanzania linalowamo mu 1964, la Joni mu 1976, Tchaina mu 1987, Zimbabwe mu 1994, Mozambiki mu 1998 ndipo Zambia mu 2002. Dziko la Malawi linalowa mochedwa, mu Malichi 2021, ndipo panganoli linayamba kugwira ntchito kuno mu Juni chaka chomwecho. Mu 2024 dziko lino linakhazikitsanso lamulo latsopano loona za abitireshoni ya pakati pa mayiko.

Mfundo yaikulu ya panganoli ndi yakuti khoti la dziko lina lililonse lomwe lili m'gululi liyenera kulandira chigamulo cha oweruza apadera chochokera kunja ndi kuchipatsa mphamvu zofanana ndi chigamulo chake. Silifunsa ngati oweruzawo anaweruza bwino. Siliwerenganso matumba, siliitananso mboni. Limangoona ngati pali chimodzi mwa zifukwa zochepa zolembedwa mu ndime 5 ya panganoli. Ngati palibe, limadinda, ndipo wopambana amatha kutumiza asherifu kukalanda katundu kapena kutseka ndalama za kubanki monga amachitira wina aliyense wopambana mlandu.

Wopambana sapemphedwa zambiri. Amapereka chigamulo chenichenicho kapena kope yake yotsimikizidwa, pamodzi ndi pepala la mgwirizano lomwe muli ndime ya abitireshoni ija. Ngati mapepalawo ali m'chiyankhulo chosagwiritsidwa ntchito kukhotiko, amawamasulira kudzera kwa womasulira wovomerezeka kapena ku ofesi ya kazembe. Akatero wamaliza mbali yake. Katundu yense wotsala amagwera wogonja, amene ayenera kuonetsa ndi umboni chifukwa chomwe khoti likanire.

Zifukwa zisanu ndi ziwiri zokha

Zifukwa zisanu zoyamba ayenera kuzitchula ndi kuzitsimikiza ndi wogonja mwini.

Choyamba, mgwirizano wopita kwa oweruza apadera unali wosavomerezeka, mwina chifukwa wosainayo analibe mphamvu zotero, kapena munthu amene akumufuna ndalama sanalowe nawo n'komwe mu mgwirizanowo.

Chachiwiri, wogonja sanadziwitsidwe moyenera za kusankhidwa kwa oweruza kapena za mlanduwo, kapena sanapatsidwe mpata wofotokoza mbali yake.

Chachitatu, oweruza anagamula nkhani yomwe sanapatsidwe. Apa ngati gawo lolumpha malirelo lingathe kupatulidwa, khoti limatha kulisiya n'kudinda gawo lotsalalo.

Chachinayi, oweruza sanasankhidwe, kapena mlandu sunayendetsedwe, monga mmene eni ake anagwirizanira. Mwachitsanzo, mgwirizano unati oweruza akhale atatu koma anaweruza ndi mmodzi.

Chachisanu, chigamulocho sichinafike pomanga eni ake, kapena khoti la m'dziko lomwe chinaperekedwa lachifafaniza kapena kuchiimitsa.

Zifukwa ziwiri zotsalazo khoti limatha kuziona lokha ngakhale wina asazitchule. China ndi chakuti nkhaniyo ndi ya mtundu womwe malamulo a dzikolo salola kuti uweruzidwe ndi oweruza apadera, monga milandu ya upandu. Chinacho ndi chakuti kudinda chigamulocho kungasemphane ndi maziko enieni a chilungamo ndi makhalidwe a dzikolo.

Onetsetsani chimene palibe pa mndandandawu. Palibe chifukwa chonena kuti oweruza analakwitsa kuwerengera, anakhulupirira mboni yabodza kapena sanamvetse malamulo. Zimenezi ndi zomwe wogonja aliyense amafuna kunena, ndipo ndi zomwe khoti silimvera. Mlandu wina wakale wa ku Amereka ukuonetsa bwino mmene khomo limeneli lachepera.

Mlandu wa fakitale ya makatoni ku Ejipito

Mu Novembala 1962 kampani ya ku Amereka yotchedwa Parsons & Whittemore Overseas inagwirizana ndi kampani ya ku Ejipito yotchedwa RAKTA kuti imange fakitale yopanga mapepala olimba a makatoni mumzinda wa Alexandria, iyiyambitse, ndi kuiyendetsa kwa chaka chimodzi. Ndalama za ntchitoyi zinkachokera ku nthambi ya boma la Amereka yothandiza mayiko ena. Mu mgwirizanowo munali ndime ya abitireshoni, komanso ndime yokhululukira mbali yomwe yachedwetsa ntchito chifukwa cha zogwa mwadzidzidzi zoposa mphamvu zake.

Ntchito inayenda bwino mpaka mu Meyi 1967, itatsala pang'ono kutha. Nkhondo ya pakati pa Israeli ndi mayiko a Aluya inali pafupi kuyamba, ndipo antchito ambiri a kampani ya ku Amereka anachoka m'dzikomo. Pa 6 Juni boma la Ejipito linathetsa ubale wake ndi Amereka n'kulamula kuti Aamereka achoke, kupatula okhawo amene angapemphe ndi kupatsidwa chilolezo chapadera. Kampaniyo inasiya ntchito n'kunena kuti nkhondo yaimasula ku mgwirizano. A RAKTA anakana, nati ntchito yathawidwa, ndipo nkhani inapita kwa oweruza apadera atatu.

Oweruzawo anapeza kuti chodzikhululukira cha nkhondo chinali chomveka kuyambira pa 28 Meyi mpaka pa 30 Juni 1967 basi. Anati kampaniyo sinalimbikire kupeza zilolezo zapadera zija, ndipo kuchoka kwa thandizo la boma la Amereka sikunaipatse ufulu wotaya ntchito yonse. Mu Malichi 1973 analamula kuti ilipire madola 312,507 chifukwa chophwanya mgwirizano, kuwonjezapo madola 30,000 omwe a RAKTA anawononga pa mlanduwo.

Chuma cha kampani yogonjayo chinali ku Amereka, choncho nkhani inakafika m'makhoti a kwawo komweko. Inali kampani ya m'dzikomo, pamaso pa oweruza a m'dzikomo, ikulimbana ndi kampani ya dziko lomwe linali litathamangitsa Aamereka. Inayesa makomo angapo, ndipo mu Disembala 1974 khoti la apilo linatseka onse.

Poyamba inati kudinda chigamulocho kukusemphana ndi mfundo za dziko la Amereka, popeza nzika yokhulupirika sikanapitiriza ntchito boma lake litadana ndi Ejipito. Khoti linayankha kuti chifukwa chimenechi sichinaikidwe kuti chiziteteza ndale za dziko kapena mikangano ya maboma. Chimagwira pokhapokha ngati kudinda chigamulo kungaphwanye maziko enieni a chilungamo ndi makhalidwe. Khoti linaonanso kuti mayiko ena akaona Amereka ikukana zigamulo pa zifukwa zandale, nawonso adzayamba kukana zigamulo zokomera Aamereka.

Kenako inati nkhani yokhudza ubale wa mayiko si yoyenera oweruza apadera. Khoti linati uwu unali mkangano wa makampani awiri pa ntchito yomanga fakitale, ndipo kukhudzidwa kwa ndale m'mbali sikuusandutsa nkhani ya boma.

Inadandaulanso kuti sinapatsidwe mpata wofotokoza mbali yake. Inkafuna kuti mkulu wina amene anali ku ofesi ya kazembe wa Amereka ku Ejipito nthawi ya nkhondoyo adzaperekere umboni, koma tsiku la mlandu mkuluyo anali atalonjeza kale kukayankhula pa yunivesite ina, ndipo oweruza anakana kusintha tsiku. Khoti linati oweruza anali ndi mphamvu zokana, makamaka poti iwo ndi eni mlandu ankachokera m'mayiko osiyanasiyana ndipo kuwasonkhanitsanso sikunali kophweka. Kuwonjezera apo, umboni wolembedwa wa mkuluyo unali kale m'manja mwa oweruzawo. Kupatsidwa mpata sikutanthauza kuti mlandu uziyenda pa nthawi imene mwakonda inu.

Chomaliza ndicho chingakudabwitseni. Mu mgwirizano munali mawu onena kuti palibe mbali yomwe idzalipire inzake chifukwa cha katundu amene fakitale yalephera kupanga. Koma pa ndalama zomwe oweruza analamula, madola 185,000 anali a zomwezo. Kampaniyo inati apa oweruza alumpha malire poyera. Khoti linati ayi: oweruza anawawerenga mawuwo n'kuwatanthauzira m'njira yawo, ndipo kutanthauzira mgwirizano ndiyo ntchito imene eni ake anawapatsa. Kaya khoti likanatanthauzira mwina, zinalibe kanthu. Chigamulo chinadindidwa.

Pamene khoti limakanadi

Makomowa ndi opapatiza koma si otsekeratu. Milandu iwiri ya ku Mangalande ikuonetsa pamene amatseguka, ndipo yonse ili ndi phunziro kwa wamalonda wamng'ono.

Woyamba ndi wa kampani ya ku Saudi Arabiya yotchedwa Dallah. Mu 1996 inasaina mgwirizano womanga nyumba zogona anthu a ku Pakisitani opita ku Haji ku Maka. Sinasaine ndi boma la Pakisitani lenilenilo, koma ndi bungwe lomwe bomalo linakhazikitsa. Patapita miyezi yochepa bungwelo linatha. Oweruza apadera ku Paris anagamula kuti boma ndilo lilipire madola oposa 20 miliyoni. Koma mu Novembala 2010 khoti lalikulu kwambiri la ku Mangalande linakana kudinda, ponena kuti bomalo silinali mbali ya mgwirizano wa abitireshoni. Pa funso ili lokha, lakuti kodi munthuyu anavomeradi kuweruzidwa ndi oweruza apadera, khoti limadzifufuzira lokha osangodalira mawu a oweruzawo. Chodabwitsa n'chakuti mu Febuluwale 2011 khoti la apilo la ku Paris linaona nkhani yomweyo mosiyana n'kusiya chigamulocho chili chilili. Kukanidwa m'dziko limodzi sikupha chigamulo, mwini wake akhoza kukayesa kudziko lina kumene kuli chuma cha wogonja.

Phunziro lake ndi lakuti muziona dzina lomwe lili pa mgwirizano. Ngati mumakambirana ndi kampani yaikulu koma wosaina ndi ejenti kapena kakampani kena kadzina kofanana nako, tsiku la mavuto mudzapeza kuti mwini chuma sanasaine kanthu.

Wachiwiri ndi mlandu wa Soleimany, wa bambo ndi mwana wake. Mwanayo ankatulutsa makalapeti m'dziko la Irani mozembetsa, mophwanya malamulo a dzikolo, ndipo bambo ake ankawagulitsa kunja. Atakangana pa kagawidwe ka phindu anapita ku bwalo la chipembedzo cha Chiyuda ku London, lomwe linaweruza ngati oweruza apadera n'kukomera mwanayo, ngakhale linalemba poyera kuti katunduyo anali wozembetsa. Mu 1998 khoti la apilo linakana kudinda. Chigamulochi chinaperekedwa ku Mangalande komweko, koma mfundo yomwe inagwira ndi yomwe ija ya maziko a chilungamo: khoti silingathandize munthu kutolera phindu la malonda omwe chigamulo chenichenicho chikuvomereza kuti anali ophwanya lamulo. Amene mumadutsitsa katundu njira zachidule pa Mwanza, pa Dedza, pa Mchinji kapena pa Songwe dziwani kuti mnzanu akakudyerani pa malonda otere, pepala lanu likhoza kukhala lopanda ntchito ngakhale mutapambana.

Kalata ikakupezani kuno

Tiyerekeze kuti gulu lanu linalonjeza kutumiza matani 60 a nandolo kwa kampani ya kunja, mitengo itakwera munagulitsa kwina, ndipo tsiku lina mwalandira kalata yakuti mlandu wa abitireshoni wayamba kudziko lakutali. Ena amaiponya m'kabati poganiza kuti anthuwo ali kutali, ndipo akadzabwera kuno adzafotokoza zonse pamaso pa woweruza wa kwathu. Uku n'kudzitchera msampha. Oweruza apadera amaloledwa kupitiriza mlandu inu palibe bola munadziwitsidwa. Chigamulo chikadzafika ku Bwalo Lalikulu la milandu kuno, simudzaloledwa kunena kuti mvula inavuta kapena kuti wogulayo ndiye anachedwa kulipira. Malo onenera zimenezo anali kwa oweruza aja. Simudzanenanso kuti simunapatsidwe mpata, chifukwa mpata munapatsidwa, munausiya nokha.

Choncho kalata yotere ikafika, pitani nayo kwa loya sabata yomweyo. Yankhani m'masiku omwe atchulidwa. Ngati mukuona kuti oweruza asankhidwa molakwika kapena kuti simunasaine nawo mgwirizanowo, nenani nthawi yomweyo ndipo mulembe. Amene amakhala chete mlandu uli mkati n'kudzadandaula atagonja, makhoti ambiri amamutenga ngati anavomereza.

Chigamulo chikatuluka ndipo mukuona kuti pali chimodzi mwa zifukwa zija, khoti lokhalo lomwe lingachifafanize ndi la m'dziko lomwe mlandu unachitikira. Nthawi yake ndi yochepa. Ku Joni, ku Zambia ndi ku Zimbabwe ndi miyezi itatu kuchokera pamene mwalandira chigamulo. Ku Mangalande ndi masiku 28 okha. Mukakadandaula kumeneko, khoti la kuno likhoza kudikira kaye, koma likhozanso kukulamulani kuti muyike chikole cha ndalama pamene mukudikirapo. Kudandaula kongofuna kutaya nthawi kumatha kukumangirani mpamba wanu womwe.

Mukakhala inu wopambana

Musanawononge ndalama, fufuzani kumene kuli chuma cha mnzanuyo: akaunti ya kubanki, sitolo, galimoto, katundu wa m'nyumba yosungiramo. Khoti loyenera kupitako ndi la kumeneko, osati la kwanu. Chigamulo chogwera kampani yopanda kanthu ndi pepala chabe.

Sungani mgwirizano wosainidwa. Panganoli limafuna kuti kuvomera abitireshoni kukhale kolembedwa, kaya pa pepala losainidwa kaya m'makalata omwe munatumizirana. Sunganinso umboni wakuti mnzanuyo ankalandira makalata onse a mlandu, monga malisiti a kampani yotumiza makalata ndi mauthenga a pakompyuta, chifukwa khomo loyamba lomwe wogonja amathawirako ndi lakuti sanauzidwe.

Musachedwe. Dziko lililonse lili ndi malire ake a nthawi yopempha kuti chigamulo chidindidwe. Ku Tchaina ndi zaka 2, ku Amereka zaka 3, ku Mangalande zaka 6.

Musanasaine

Zonsezi zimayambira pa ndime yaing'ono ija. Muziwerenga zinthu zinayi: mzinda womwe mlandu udzachitikire, chiyankhulo chake, chiwerengero cha oweruza, ndi keyala yomwe makalata adzatumizidwe. Oweruza apadera amalipidwa ndi eni mlandu, ndiye pa katundu wa kontena imodzi oweruza atatu mumzinda wakutali akhoza kudya ndalama zoposa katunduyo. Pemphani woweruza mmodzi, mzinda wapafupi womwe mungafikeko, ndi chiyankhulo chomwe inu kapena loya wanu amamva. Keyala ndi nambala zomwe mwalemba zikhale zomwe mumagwiritsadi ntchito, ndipo mukasintha mudziwitse mnzanuyo polemba, chifukwa kalata yotumizidwa ku keyala yomwe munapereka nokha kawirikawiri imawerengedwa kuti yakupezani.

Amene mumaoda pagulu, gwirizanani kuti wosaina ndani ndipo akusainira dzina liti. Dzina lomwe lili papepala ndi lomwe lidzapite kwa oweruza, ndipo ndi katundu wa dzina lomwelo amene asherifu adzamulembe.